Kutopa kwina sikutha ndi tulo

Kutopa kulipo kuwiri. Kwina kumatha ukagona mokwanira Loweruka ndi Lamulungu. Kwina umadzuka nako Lolemba ngati sunagone n'komwe. Kwachiwiriku ndi komwe ndikufuna tikambirane.

Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidafotokoza kuti kutheratu mphamvu kotere kumabwera chifukwa cha kupanikizika pantchito kwa nthawi yaitali. Lidatchula zizindikiro zitatu: kusowa mphamvu, kuipidwa ndi ntchito yako, komanso kuyamba kulephera zomwe unkazitha bwinobwino.

Mwa zitatuzi, ine ndimaona kuti chachiwiricho ndiye chimatipusitsa, chifukwa timachiyesa khalidwe loipa chabe.

Tiyerekeze mtsikana wogulitsa mu shopu ku Limbe. Amalowa 7 koloko m'mawa, kuweruka 6 madzulo, kenako n'kumayankha makasitomala a kaunjika wake pa WhatsApp mpaka 11 usiku. Poyamba, akapuma Lamulungu, Lolemba amadzuka ali gwa. Pakapita miyezi, amagona Lamulungu lonse koma akaganiza za mawa mtima umangoti myuu. Kenako foni ikalira amapsa mtima asanaone n'komwe amene waimba. Kasitomala yemwe kale ankaseka naye tsopano akumuona ngati wodzamuvutitsa. Mapeto ake ayamba kulakwitsa chenji.

Pamene adayamba kunyansidwa ndi foni paja, mpamene adayenera kuchitapo kanthu. Akadikira mpaka kulakwitsa chenji, ngakhale tchuthi cha sabata yathunthu sichingamuchize, poti akabwerako apeza katundu yemwe uja akumudikira.

Ndiye mungadziwe bwanji msanga? Kwa masabata awiri, mukangodzuka lembani mu foni nambala ya mphamvu zanu, kuyambira 1 mpaka 5. Chofunika si nambala ya tsiku limodzi ayi. Yang'anani ya m'mawa wotsatira tsiku lopuma. Ngati ikukwera, tulo tikugwirabe ntchito. Ngati yakakamira pa 1 kapena 2 ngakhale mwapuma, vuto si tulo, koma kukula kwa katundu mwasenzayo.

Zikatero, tulani chinthu chimodzi chenicheni. Mtsikana uja akhoza kulemba pa WhatsApp kuti maoda amatha 8 koloko, foni n'kuisiya patali. Kwa abwana, m'malo mongoti "ndatopa", apemphe chinthu chomveka, monga ola la nkhomaliro lomwe sakhala pakauntala.

Koma samalani, si kutopa konse komwe kumachokera kuntchito. Kuchepa kwa magazi ndi matenda a shuga nazonso zimafooketsa, choncho kukapitirira kayezetseni kuchipatala. Ndipo ngati kuipidwako kwafalikira paliponse, moti mpira, anzanu ngakhale chakudya sizikukusangalatsaninso kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akhoza kukhala matenda a kukhumudwa. Amenewo ngofunika dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, osati kungozimitsa foni.