Fakitale Yosasunga Katundu: Kodi Njira ya ku Toyota Ingatheke Kuno?

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kampani ya Toyota ku Japan inalibe ndalama zambiri. Sikadatha kugula zitsulo zodzaza nyumba yosungiramo katundu n'kumadikira miyezi kuti zidzasanduke galimoto. Mmodzi mwa akatswiri ake, Taiichi Ohno, anatsogolera kukonza dongosolo loti chilichonse chizifika pamene chikufunika, ndiponso chokwanira ntchito ya nthawi imeneyo basi. Wogwira ntchito akatsiriza bokosi la mabawuti, kakhadi komwe kali pabokosilo kamabwerera kwa opanga mabawuti, ndipo kakhadiko ndiko chilolezo choti apange bokosi lina limodzi. Popanda kakhadi, palibe chopanga. Njira imeneyi imadziwika kuti jasiti-ini-taimu, ndipo lero imaphunzitsidwa kwa aliyense wochita maphunziro a bizinesi.

Imagwiradi ntchito, koma imatsamira pa zinthu ziwiri: thiraki yofika tsiku lomwe munapangana, ndi makina oyaka nthawi iliyonse mukawafuna. Mwini fakitale ku Makata mu Blantyre kapena ku Kanengo mu Lilongwe sangalumbire pa chilichonse mwa ziwirizi.

Tiyerekeze fakitale ya ku Blantyre yopanga zidebe ndi mabeseni a pulasitiki. Manambala a fakitaleyi ndi ongoyerekeza, ndawasankha kuti masamu ake asavute. Fakitaleyi imasungunula timibulu ta pulasitiki tochokera kunja, matumba 40 a makilogalamu 25 tsiku lililonse, kutanthauza tani imodzi patsiku. Tinene kuti tani imodzi ikafika pageti imakhala itadya K5 miliyoni. Mwini wake, poopa kusowa, amasunga timibulu tokwanira masiku 90. Ndiye kuti K450 miliyoni yangogona m'matumba.

Ndalama yogonayi imadya. Ngati ndi ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, mwini fakitale akulipira K135 miliyoni chaka chilichonse kungoti matumbawo akhalepo. Chiwongoladzanja chotere sichachilendo kwathu kuno, chifukwa mu 2024 banki yayikulu ya Reserve inaika mlingo wake pa 26 peresenti, ndipo mabanki ena amaonjezerapo zawo. Atati atsitse katunduyo kufika pa masiku 30, chiwongoladzanja chingatsike kufika pa K45 miliyoni, n'kupulumutsa K90 miliyoni pachaka. Pamwamba pake pali lendi ya malo, malonda a usiku, matumba ong'ambika ndi ena osowa mosadziwika bwino.

Palinso phindu lina lomwe ambiri saliwerengera, lomwe ine ndimaliona lalikulu kuposa la ndalama. Katundu wambiri amabisa matenda a fakitale. Chikombole chikayamba kutulutsa zidebe zopyapyala mbali imodzi, fakitale yomwe imapanga zidebe za miyezi iwiri n'kuziunjika imadzamva za vutolo ogula atayamba kubweza katundu, mulu wonse utaonongeka kale. Fakitale yopanga zochepazochepa imaona vutolo sabata yomweyo. Ohno ankafuna zimenezi, kuti vuto lizionekera msanga n'kukonzedwa.

Kunja kwa geti nkhani ndi ina. Malawi alibe doko la panyanja yayikulu. Timibulu tija timadzera ku Beira kapena ku Nacala m'dziko la Mozambique, ku Dar es Salaam, kapena pamsewu kuchokera ku South Africa kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka pachipata cha Mwanza. Doko la Beira lokha lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai anasakaza Beira ndi misewu yotulukira mumzindawo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Kumapeto kwa 2024, zipolowe zomwe zinabuka chisankho chitatha ku Mozambique zinasokoneza maulendo a mathiraki. Ndipo ulendo umatha kuchedwa thiraki isanalize n'komwe injini, pomwe banki ikusowa ndalama zakunja zolipirira wogulitsa.

Choopsa kwenikweni pamenepa si kutalika kwa ulendo. Katundu akamatenga masiku 30 nthawi zonse, mumangooda masiku 30 asanathe amene muli nawo, nkhani yatha. Chomwe chimapha fakitale ndi ulendo wotenga masiku 14 mwezi uno, mwezi wamawa n'kutenga 35. Wowerengera zapakatikati anganene kuti katundu amafika m'masabata atatu ndi theka, koma makina sadya zapakatikati, amadya thumba lomwe lilipo tsiku limenelo.

Tibwerere ku fakitale yathu ija. Tinene kuti zikayenda bwino timibulu timafika masiku 14 chiodereni, ndipo zikavuta timatenga masiku 35. Wotsatira njira ya Toyota mwachimbulimbuli angaode pamene kwatsala matani 14 okha. Thiraki ikachedwa, makina angaime masiku 21. Tsiku lililonse loima, malipiro a antchito ndi lendi zimayendabe, phindu la zidebe zomwe zikadagulitsidwa limatayika. Tiike zonsezo pa K4 miliyoni patsiku. Masiku 21 ndiye K84 miliyoni.

Nanga kudziteteza kungadye zingati? Kusunga tani imodzi yapadera chaka chathunthu kumadya 30 peresenti ya K5 miliyoni, yomwe ndi K1.5 miliyoni. Matani 21 apadera angadye K31.5 miliyoni pachaka. Ngati kuchedwa kotere kumachitika kamodzi pachaka, palibe chokambirana, kulipira K31.5 miliyoni kuti mupewe kutaya K84 miliyoni ndi nzeru. Kukadakhala kuti kumachitika kamodzi pazaka zisanu, kutayako kukadakhala ngati K17 miliyoni pachaka, ndipo kusungako kukadakhala kutaya ndalama. Malire ali pafupi ndi kamodzi pazaka zitatu. Mukayang'ana zaka zomwe ndatchula zija, 2019, 2023 ndi 2024, osawerengera kusowa kwa mafuta ndi kwa ndalama zakunja, muona nokha mbali yomwe tili. Choncho fakitaleyi iyenera kuoda pamene m'nyumba mwatsala matani 35, osati 14. Koma onaninso kuti masamu omwewa sakuvomereza matani 90 aja. Matani opitirira pa ofunikawo anali a mantha chabe.

Kugwa kwa kwacha kumakankhiranso mbali yosunga. Mu Novembala 2023 mtengo wa dola unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi matumba olipiridwa kale anapitiriza kupanga pamtengo wakale, pomwe wogula pang'onopang'ono anakumana ndi mtengo watsopano pa oda yotsatira. Mabuku ambiri ophunzitsa njirayi analembedwa kumayiko komwe ndalama siigwa chonchi usiku umodzi.

Magetsi amavuta mwanjira ina, chifukwa amaimitsa ntchito ngakhale zipangizo zili zodzaza. Makina oumba pulasitiki amatenthetsa timibulu mpaka kupitirira madigiri 200. Magetsi akathima ntchito ili mkati, pulasitiki yomwe ili mumpope imazizira n'kuuma. Akayakanso, muyenera kudikira kuti mpope utenthenso, kenaka kutulutsa zotsalira, ndipo zidebe zoyambirira kawirikawiri zimatuluka zolakwika. Kuthima kwa maola anayi kumadya maola oposa anayi, ndipo kuthima katatu kwa ola limodzi kumapweteka kuposa kuthima kamodzi kwa maola atatu. Fakitale yomwe imalonjeza ogula kuti ikalandira oda Lolemba ipereka Lachitatu, yopanda chidebe ngakhale chimodzi chosungira, ikulonjeza ndi magetsi omwe si ake.

Wina anganene kuti jenereta ilipo. Ilipodi, koma imamwa dizilo, ndipo dizilo amadzera njira zomwe zija za Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Apa ndi pomwe mavuto athu amasiyana ndi a m'mabuku, chifukwa amabwera ali limodzi. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo mvula yomweyo inadula misewu ya kuchigwa cha Shire. Tsiku lomwe mukufunitsitsa jenereta likhoza kukhala lomwelo lomwe thanki ya mafuta yakanika kuwoloka. Dizilo wa jenereta naye ndi katundu woyenera kumuwerengera masiku ake.

Ngakhale Toyota yomwe inalawapo ululu wa njira yake. Mu Febuluwale 1997 moto unapsereza fakitale ya Aisin, yomwe inkapanga kachipangizo ka mabuleki ka galimoto pafupifupi zonse za Toyota, ndipo mafakitale a Toyota anaima. Anayambiranso ntchito patangopita masiku ochepa chifukwa makampani ambirimbiri a m'dera lomwelo anathamanga kupanga kachipangizoko. Wopanga zidebe ku Blantyre alibe anansi otero, palibe wopanga timibulu kuseri kwa phiri la Ndirande. Chivomerezi cha mu Marichi 2011 chitachitika, Toyota inasintha n'kuyamba kuonetsetsa kuti zipangizo zovuta kupeza, makamaka timachipi ta zamagetsi, zizisungidwa zokwanira miyezi ingapo.

Sikuti njirayi ilibe malo kuno. Banja lokhala pafupi ndi msika limagula ndiwo tsiku ndi tsiku koma chimanga limasunga m'nkhokwe, ndipo fakitale iyenera kugawa katundu wake chimodzimodzi. Makatoni, zomata zolembapo dzina ndi matumba okutira, ngati zimapangidwa mumzinda womwewo ndipo opanga ake alipo awiri kapena atatu, zibwere sabata ndi sabata. Mabeseni amitundu yosowa ogula apangidwe pokhapokha pali oda. Pakati pa makina ndi polongedzera pasaunjikane katundu. Koma timibulu, dizilo, zidebe zomwe zimayenda malonda tsiku lililonse, ndi tizipangizo ta makina totchipa koma tosapezeka m'dziko muno, monga zotenthetsera mpope, zimenezo zikhale ndi nkhokwe yake yowerengedwa bwino. N'zomvetsa chisoni kuona makina a mamiliyoni ataima milungu itatu chifukwa cha kachitsulo kokwana m'thumba la malaya.

Zizindikiro zoti mwadula kwambiri zimaoneka msanga. Mumayamba kubwereka matumba kwa opikisana nawo, kugula pamtengo wokwera kwa ogulitsa am'tauni, ndi kulipira ovataimu yothamangitsa maoda ochedwa. Zizindikiro zoti mwasunga mopyola ndi matumba afumbi omwe atha miyezi osasunthidwa pomwe malipiro a antchito akuvuta kupeza.

Inu amene muli ndi fakitale, kaya yaikulu kaya ya makina awiri, tsegulani mafayilo a maoda a zaka ziwiri zapitazi. Pa oda iliyonse lembani tsiku lomwe munaoda ndi tsiku lomwe thiraki inalowa pageti, ndipo yambani lero kulemba ola lomwe magetsi athima ndi lomwe makina ayambiranso kutulutsa katundu wabwino. Mlingo wa katundu wosunga muutengere pa maulendo omwe anachedwetsetsa, ndipo muziuwerengeranso nyengo ya mvula isanayambe.