Mmene mungayambire kalata yofunsira ntchito kuti owerenga asaiponye pambali

Bungwe likamata chidziwitso cha ntchito pabolodi, kaya ndi ya omasulira, othandiza aphunzitsi kapena alangizi a zaukhondo, ambiri mumabwera kwa ife odzipereka kuti tikuonereni makalata anu. Pafupifupi onse amene ndimawerenga amayamba chimodzimodzi: "Ndalemba kalatayi pofuna kufunsira mwayi wa ntchito umene mwalengeza." Lero ndikufuna tikambirane za chiganizo chimenechi, chifukwa chake sichikuthandizani, ndi chimene mungalembe m'malo mwake. Ndipereka zitsanzo m'Chichewa, koma njirayi ndi yomweyo ngakhale mulembe m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi.

Chiganizochi si chamwano ndipo si cholakwika. Vuto lake ndi loti sichiuza wowerenga chatsopano chilichonse. Iye akudziwa kale kuti mwalemba kalata, poti ili m'manja mwake. Akudziwanso kuti analengeza ntchito. Tsono taganizani munthu amene ali ndi mulu wa makalata patebulo, koma malo a ntchito ndi awiri kapena atatu. Maso ake amathamangira pa mzere woyamba kuti aone chimene chikukusiyanitsani ndi anzanu. Akapeza mawu omwe aja amene wawerenga kale m'makalata ena onse, amangodutsapo mothamanga, ndipo zabwino zimene munabisa pansi mwina sazifika.

Mwina mufunsa kuti, nanga adziwa bwanji ntchito imene ndikufuna? Imeneyo ndi ntchito ya mutu wa kalata. Mukatha moni uja wakuti "Okondedwa Bwana kapena Mayi", lembani mutu pa mzere wakewake m'zilembo zazikulu, mwachitsanzo KUFUNSIRA NTCHITO YA MLANGIZI WA ZAUKHONDO. Ngati chidziwitso chili ndi nambala, ikani nambalayo pomwepo. Mukatero mwamaliza kunena chimene mukufuna, ndipo chiganizo choyamba chatsala kuti chiyankhe funso lenileni la wowerenga: chifukwa chiyani titenge munthu uyu?

Yankho lake silichokera m'mutu mwanu ayi, limachokera pa chidziwitso chija. Chikopereni chonse papepala kapena chijambuleni pafoni, kenaka muone mndandanda wa zimene akufuna. Kawirikawiri zimene alemba poyamba ndi zimene akuzifunitsitsa. Sankhanipo chimodzi chimene inu munachitapo ndi manja anu. Chiganizo chanu chikhale ndi zinthu zitatu: chimene munachita, kukula kwake (nthawi yaitali bwanji, kapena anthu angati), ndi dzina la ntchito imene mukufunsira.

Tiyerekeze kuti chidziwitso chikufuna mlangizi wa zaukhondo. Zofunika ndi izi: akhale woti anayenderapo anthu khomo ndi khomo, wodziwa zilankhulo ziwiri za muno, komanso wotha kulemba lipoti lalifupi. Mayi wina akufuna kufunsira. Iye wakhala miyezi 8 m'komiti yoyang'anira mjigo, ndipo m'nyengo ya mvula ankayendera mabanja 40 kuwaonetsa kathiridwe ka kolorini m'madzi akumwa ndi kasungidwe ka madzi mu ndowa yovundikira.

Poyamba mayiyu atha kulemba kuti: "Ndine mayi wolimbikira, wokhulupirika ndiponso wokonda ukhondo." Apa wathawa chiganizo chotopetsa chija, koma wagwera mu china chofanana nacho. Palibe amene angalembe kuti ndi waulesi, choncho mawu odzitamanda sasiyanitsa munthu ndi mnzake, ndipo wowerenga alibe njira yowatsimikizira.

Kachiwiri atha kulemba kuti: "Ndili ndi ana asanu ndipo chakudya sichikukwana, chonde ndithandizeni ndi ntchitoyi." Izi zikhoza kukhala zoona, ndipo tonse tikudziwa mmene zinthu zilili muno. Koma amene akusankha akufuna munthu woti akaigwire ntchitoyo, ndipo ambiri mwa ofunsira ali pa mavuto omwewo. Nkhani ya mavuto a pakhomo ili ndi ofesi yake, osati mzere woyamba wa kalata ya ntchito.

Kachitatu alemba motere: "Kwa miyezi 8 ndakhala m'komiti ya mjigo wa m'dera lathu, ndipo ndayendera mabanja 40 khomo ndi khomo kuwaphunzitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa, ntchito imeneyi ndiyo ndikufuna kupitiriza ngati mlangizi wa zaukhondo." Taonani kusiyana kwake. Chofunika choyamba cha pachidziwitso chayankhidwa pa mzere woyamba. Manambala awiri aja akuonetsa kukula kwa ntchito. Dzina la ntchito latchulidwanso, moti ngakhale wowerenga atadumpha mutu, sasokonezeka. Za zilankhulo ndi za malipoti zibwere m'ziganizo zotsatira, chilichonse pachokha.

Nanga amene simunalembedwepo ntchito? Kumbukirani kuti ntchito yosalipidwa ndi ntchito ndithu. Mnyamata amene amaperekeza okalamba kuchipatala n'kumawamasulira atha kuyamba kuti: "Kwa chaka chathunthu ndakhala ndikuperekeza okalamba a m'dera lathu kuchipatala ndi kuwamasulira zimene adokotala akunena, ndipo ndikupempha kuti mundiganizire pa ntchito ya womasulira." Mtsikana amene amaphunzitsa ana Sande sukulu kapena madirasa, anene kuti ndi ana angati ndipo a msinkhu wanji. Ena mwa ife ziphaso za sukulu zinatsala kwathu kapena zinatayika pothawa. Musayambe ndi kupepesa za zimenezo. Yambani ndi chimene munachita muno, chimene mtsogoleri wa dera lanu kapena wapampando wa komiti angachitire umboni. Za ziphaso mufotokoze mwachidule cha kumapeto.

Mukalemba chiganizo chanu, chiyeseni m'njira ziwiri. Yoyamba, bisani dzina lanu ndi chala, mudzifunse ngati munthu wa nyumba yoyandikana nanu angakopere chiganizocho osasinthapo kanthu. Ngati angathe, ndiye kuti simunanenebe za inu. Onjezanipo chimene munachita ndi kuchuluka kwake. Yachiwiri, chiwerengeni mokweza. Ngati mpweya ukukutherani musanafike kumapeto, mwalongedzamo zambiri. Siyanimo chinthu chimodzi champhamvu, zinazo zitsikire pansi. Mizere iwiri kapena itatu yolemba pamanja ndi yokwanira.

Pali malire awiri ofunika kuwasamala. Oyamba ndi choonadi. Ngati munayendera mabanja 15, lembani 15, osati 50. Chiganizo choyamba ndi chimene amakonda kukufunsani mukaitanidwa kukayankha mafunso, ndipo muno timadziwana. Nambala yokokomeza imaululika msanga n'kuwononga ndi zoona zomwe. Ngati simukukumbukira nambala yeniyeni, nenani kuti "mabanja oposa 10" pokhapokha mukutsimikiza kuti anapitirira 10. Achiwiri ndi malangizo a bungwe. Ngati apereka fomu yodzaza, dzazani fomuyo monga anenera. Koma pakakhala danga lofunsa chifukwa chimene mukufunira ntchitoyo, chiganizo chanu chija chikwana bwino pamenepo.

Ena amaopa kuti kuyamba ndi zimene unachita ndi kudzikweza pamaso pa akuluakulu. Ulemu sutayika ayi. Uli mu moni, uli m'mawu monga "ndikupempha", uli m'kuthokoza kwa kumapeto ndi mu "Ine wanu wokhulupirika". Kunena mwachindunji chimene mungathe n'kulemekezanso nthawi ya wowerenga. Ndipo musagwiritse ntchito chiganizo chimodzi pa ntchito zonse: mayi uja akadzafunsira ntchito yolembera mayina pa tsiku logawa chakudya, adzayambe ndi kaundula wa mjigo amene ankasunga, osati ndi kolorini.