Chithunzi cha samu chasowa, patsala mawu oti “solve”: mungatani?

Masiku ano ana ambiri a sekondale akakanika samu sakhalanso akukopera pamanja. Amangojambula tsambalo ndi foni, n’kutumiza kwa mnzawo, kwa achimwene awo kapena kwa aphunzitsi, pansi pake n’kulemba mawu amodzi okha: “solve”. Ndiye zimachitika kuti bandulo yatha chithunzi chisanatseguke, kapena chafufutika pamene wina amafuna malo mufoni. Wolandirayo amangoona mawu amodzi aja. Mwina zomwe akudziwa n’zoti kalasiyo ili pa mutu wa ma ikweshoni a kwadiratiki, ndipo njira yomwe aphunzitsi akufuna ndi yopeza mafakita.

Tinene poyambirira pomwe kuti funso losowalo silingapekedwe, ndipo aliyense amene angakupatseni yankho asanaone manambala akukunamizani. Komabe mawu otsalawo akutiuza kanthu. Pa mayeso, “factorise” amafuna kuti muthere pa mabulaketi, pomwe “solve” amafuna kuti mupitirire mpaka mupeze mtengo wa x. Choncho pa chithunzicho panali chizindikiro cha =, ndipo popeza panali x², tiyembekezere mayankho osaposa awiri. Njira yake ndi imodzimodzi ngakhale manambala asinthe, n’chifukwa chake ndi bwino kuidziwa chithunzi chisanabwerenso.

Tiyerekeze kuti mwanayo wayimba foni n’kuwerenga funso lake motere: 2x² + 7x = 15.

Ntchito yoyamba, imenenso ambiri amaidumpha, ndi kusonkhanitsa zonse mbali imodzi kuti mbali inayo kutsale ziro. Tikachotsa 15 mbali zonse ziwiri tipeza 2x² + 7x − 15 = 0. Ziroyu ndiye mwini nkhani. Manambala awiri akachulukitsidwa n’kupereka ziro, imodzi mwa iwo iyenera kukhala ziro, palibe njira ina. Nambala ina iliyonse ilibe khalidwe limeneli. Mwana wothamanga amalemba x(2x + 7) = 15, kenaka n’kunena kuti x = 15. Koma 15 angachokere ku 3 ndi 5, ku 1 ndi 15, ku 10 ndi 1.5, ndi kwina kosawerengeka, ndiye sitingadziwe kuti x ndi uti. Mukaika 15 uja mu funso mupeza 450 + 105, yomwe ndi 555, kutali kwambiri ndi 15 yemwe timafuna.

Tsopano tione manambala atatu a ikweshoni yathu: wa kutsogolo kwa x² ndi 2, wa kutsogolo kwa x ndi 7, ndipo woima yekha ndi −15. M’mabuku amawatcha a, b ndi c. Tichulukitse woyamba ndi womaliza: 2 × (−15) = −30. Tikufuna manambala awiri amene tikawachulukitsa apereke −30, koma tikawaphatikiza apereke 7. Popeza −30 ndi negetivi, mmodzi akhala ndi mainasi ndipo winayo ayi. Popeza 7 ndi pozitivi, wamkuluyo ndiye wopanda mainasi. Musalote, lembani awiriawiri mwa dongosolo: 30 ndi −1 apereka 29, 15 ndi −2 apereka 13, 10 ndi −3 apereka 7. Tawapeza.

Manambala awiriwa si mayankho ayi, ngakhale ana ena amaimira pomwepa n’kulemba x = 10 ndi x = −3. Ntchito yawo ndi kung’amba 7x pakati kuti akhale 10x − 3x. Ikweshoni ikhala 2x² + 10x − 3x − 15 = 0. Pa zigawo ziwiri zoyamba titulutsa 2x, patsala 2x(x + 5). Pa ziwiri zomaliza titulutsa −3, patsala −3(x + 5). Apa pali chizindikiro chabwino chokuuzani ngati muli pa njira yoyenera: mabulaketi awiriwo ayenera kufanana ndendende. Mukaona kwina kwatuluka (x + 5) kwina (x − 5), dziwani kuti mainasi wakupulumukani potulutsa −3 uja, bwererani pomwepo musanapitirire. Akafanana, timalemba (2x − 3)(x + 5) = 0.

Lamulo la ziro lija ligwira ntchito tsopano. Mwina 2x − 3 = 0, zomwe zipereka x = 3/2, kapena x + 5 = 0, zomwe zipereka x = −5. Potsimikiza, bwezerani mu funso loyamba lenilenilo. Ndi −5 tipeza 50 − 35 = 15. Ndi 3/2 tipeza 4.5 + 10.5 = 15. Onse awiri akwanira.

Tibwerere ku vuto la chithunzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa m’mbuna. Wina amati, “Ndikukumbukira, panali 2, 7 ndi 15.” Kukumbukira manambala popanda zizindikiro zake sikuthandiza. Ngati funso linali 2x² − 7x − 15 = 0, mabulaketi ake ndi (2x + 3)(x − 5), ndipo mayankho atembenuka kukhala 5 ndi −3/2. Ngati linali 2x² + 7x + 15 = 0, mutha kufunafuna mpaka usiku manambala ochulukitsana kupereka 30 n’kuphatikizana kupereka 7, simuwapeza. Pali kayeso kachidule kokupulumutsani: werengerani b² − 4ac. Pa funso lathu loyamba tipeza 49 + 120 = 169, yomwe ndi 13 × 13, ndipo nambala yotere, yochokera kochulukitsa nambala yathunthu ndi iyo yomwe, imasonyeza kuti mafakita alipo. Pa funso la +15 tipeza 49 − 120 = −71, kutanthauza kuti palibe nambala yeniyeni yokwanira pamenepo. Mukapeza nambala ngati 5, monga zimakhalira pa x² + 3x + 1 = 0, mayankho alipo koma mafakita osavuta palibe, ndiye pafunika fomula. Funso lochokera pa mutu wa mafakita likakupatsani −71 kapena 5, kayikirani kaye makopedwe ake.

Nanga ngati mnzanu ali ndi mayankho okha m’kope, 3/2 ndi −5? Mutha kubwerera chambuyo: −5 apereka (x + 5), 3/2 apereka (2x − 3), ndipo mukachulukitsa mabulaketiwo mupeza 2x² + 7x − 15. Koma musalumbire kuti funso linali lomweli, chifukwa 4x² + 14x − 30 = 0 ili ndi mayankho omwewo. Komanso chithunzicho chikhoza kukhala kuti chinali ndi chojambula, mwachitsanzo bedi la ndiwo zamasamba la ngodya zinayi, mulifupi mwake mamita x, mulitali mamita 2x + 7, kukula kwake masikweya mita 15. Ikweshoni yake ndi yomweyi, koma −5 ayenera kutayidwa poti mulifupi sungakhale negetivi. Yankho likhala limodzi: mamita 1.5 mulifupi, mamita 10 mulitali. Wolemba mayankho awiri pamenepo walakwa, ngakhale samu yake yonse inayenda bwino.

Choncho mukalandira “solve” wopanda chithunzi, pemphani kuti funso libwerenso lathunthu, ndi mawu onse amene anali pamwamba pake. Inunso otumiza, lembani ikweshoniyo ngati uthenga wamba pambali pa chithunzi. Ngati foni yanu ilibe ka 2 kakang’ono ka pamwamba, lembani `2x^2 + 7x = 15`, ndipo onetsetsani pulasi ndi mainasi aliyense musanatumize.