Kampani ikadzimangira yokha nyumba yosungiramo katundu, mtengo wake umawerengedwa bwanji?

Kampani ikapereka ntchito ya zomangamanga kwa kontirakitala, mtengo wa nyumbayo suvuta, chifukwa umalembedwa pa chikalata cholipirira. Nkhani imakula pamene kampani yatenga simenti ndi malata m'sitolo mwake, amisiri ndi antchito ake omwe, ndalama zina n'kukongola kubanki. Apa palibe amene wabweretsa chikalata, koma m'mabuku a ndalama muyenera kulembedwa mtengo umodzi woona.

Malamulo owerengera chuma a mayiko onse, amene bungwe la ICAM limatsatira kuno ku Malawi, ali ndi yankho. Lamulo la IAS 16 limati ndalama zimene zalowa mwachindunji pomanga zisalembedwe ngati zowonongedwa m'chaka chimenecho. Ziunjikidwe pa mtengo wa nyumbayo, kenako zizichotsedwa pang'onopang'ono m'zaka zonse zimene nyumbayo idzagwire ntchito.

Tiyerekeze kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Kanengo mumzinda wa Lilongwe, imene yamanga nyumba yosungiramo katundu wake kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Disembala. M'sitolo mwake yatengamo simenti, zitsulo ndi malata zimene inagula pa K120 miliyoni, ngakhale kwa makasitomala ikanagulitsa pa K150 miliyoni. Mtengo wolowa m'mabuku ndi wogulira uja, chifukwa kampani singapange phindu podzigulitsa yokha katundu. Komanso tinene kuti simenti ya K6 miliyoni inasiyidwa panja, mvula n'kuiumitsa. Kuwonongeka kotere si mbali ya kumanga kwa nthawi zonse, choncho kumalembedwa ngati kuluza kwa chaka chimenecho. Pa nyumba patsala K114 miliyoni.

Pa malipiro, funso ndi lakuti munthuyo anagwira ntchito yanji. Omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi kapitawo wawo analandira K40 miliyoni pa miyezi imene anali pa chimangocho, ndipo zonsezi zikulowa. Ikulowanso K8 miliyoni ya wojambula pulani ndi chilolezo cha kukhonsolo. Koma malipiro a mlembi wa ku ofesi yaikulu salowa, chifukwa akanalipidwabe ngakhale nyumbayo ikanapanda kumangidwa. N'chifukwa chake buku la pamalo omangira, lolembamo amene wagwira ntchito tsiku lililonse ndi katundu amene watuluka m'sitolo, liyenera kusungidwa kuyambira tsiku lokumba maziko.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa chiwongoladzanja, chimene chimayendera lamulo la IAS 23. Kampani ija inakongola K100 miliyoni ya ntchito imeneyi yokha, pa 24 peresenti pachaka, kutanthauza K2 miliyoni pamwezi. Chiwongoladzanja chimayamba kuwonjezedwa pa nyumba zinthu zitatu zikachitika pamodzi: ngongole yayamba kubala chiwongoladzanja, ndalama zayamba kutuluka, ndipo ntchito yokonzekera kapena yomanga yayambika. Chimaleka kuwonjezedwa nyumba ikatha moti ingagwiritsidwe ntchito, ngakhale katundu asanalowemo komanso ngongole isanabwezedwe.

Pa miyezi 9 ya chimangocho, tinene kuti ntchito inaima kotheratu miyezi 2 chifukwa cha mkangano wa malire a malo. Chiwongoladzanja cha miyezi imeneyo sichilowa, popeza palibe chimene chinkamangidwa. Kudikira kuti konkire iume n'kosiyana, chifukwa ndi mbali ya ntchitoyo. Miyezi 7 yotsala ikupereka K14 miliyoni. Ndalama za ngongole zimene zinkadikira kubanki m'miyezi yomangayo zinabala K1 miliyoni, ndipo imeneyi imachotsedwa, kutsala K13 miliyoni.

Tikaphatikiza K114 miliyoni, K40 miliyoni, K8 miliyoni ndi K13 miliyoni, nyumbayo ikulembedwa pa K175 miliyoni. Ngati ikuyembekezeka kugwira ntchito zaka 25 popanda chodzagulitsa pamapeto pake, chaka chilichonse pazichotsedwa K7 miliyoni pa phindu la kampani.

Pali malire amodzi ofunika kuwadziwa. Makampani ang'onoang'ono amene amatsatira malamulo opepukirapo a IFRS for SMEs saloledwa kuwonjezera chiwongoladzanja pa nyumba. Kwa iwo chonse chimalembedwa ngati chowonongedwa m'chaka chimene chabwera, ndipo nyumba yomweyi ikanakhala ya K162 miliyoni.

Kampani imene yakankhira pa nyumba zinthu zosayenera imaoneka ngati yapindula kwambiri chaka chimenecho, banki ndi eni masheya n'kupusitsika. Zizindikiro zake zimaoneka: chiwongoladzanja chikuwonjezedwabe pamene katundu analowa kale, kapena mtengo wa m'mabuku waposa kutali umene kontirakitala akanalipiritsa pa nyumba yofanana nayo. Oyendera mabuku akaona zimenezi amaitanitsa buku la pamalo omangira, ndipo ndalama iliyonse yopanda umboni m'menemo imachotsedwa pa mtengo wa nyumbayo.