Jenulo ndi Tirayo Balansi: Kalembedwe ka Ndalama za Golosale

Pakalembedwe ka ndalama za bizinesi, chilichonse chochitika chimalembedwa kawiri, chifukwa ndalama kapena katundu akalowa pena, ndiye kuti wachoka pena. Mbali ya kumanzere, yolandira, imatchedwa debiti, ndipo ya kumanja, yopereka, ndi kirediti. Njirayi ndi yakale: Luca Pacioli wa ku Italy anaifotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, amalonda a kumeneko atayamba kale kuigwiritsa ntchito.

Buku loyamba kulembamo ndi jenulo. Tsamba lake limakhala ndi mizere yotsika yosonyeza tsiku, maina a maakaunti, ndalama za debiti ndi za kirediti. Akaunti ya debiti ndiyo imayamba, ya kirediti n'kubwera pansi pake, kenako mawu ochepa ofotokoza chomwe chachitika. Zolembazo zimachokera pa lisiti kapena invoisi, osati m'mutu. Katundu wa bizinesi ndi zowonongedwa poyendetsa malonda zikakwera zimapita ku debiti, pomwe mpamba, ngongole zimene bizinesi yatenga ndi zogulitsa zikakwera zimapita ku kirediti.

Chitsanzo chikhale mayi amene watsegula golosale ndi K500,000. Ndalamazo zalowa m'bizinesi, choncho akaunti ya ndalama ilandira debiti ya K500,000, ndipo akaunti ya mpamba ilandira kirediti yofanana. Akaoda shuga, sopo ndi mafuta ophikira a K200,000 n'kulipira pompopompo, debiti ipita ku akaunti ya zooda, kirediti ku ndalama. Katundu wina wa K150,000 wamutenga pangongole ku holoselo. Apa palibe ndalama yatuluka: debiti ipitanso ku zooda, koma kirediti ilembedwa pa dzina la holoseloyo.

Pofika kumapeto kwa mwezi, wagulitsa katundu wa K180,000 kwa olipiriratu, ndipo debiti yapita ku ndalama, kirediti ku zogulitsa. Kasitomala wina watenga zinthu za K20,000 zoti adzalipira akalandira malipiro. Izinso ndi zogulitsa, koma debiti ikhala pa dzina la kasitomalayo. Lendi ya K40,000 ndi debiti ku lendi, kirediti ku ndalama. Chomwe ogulitsa ambiri amachinyalanyaza ndi K10,000 imene mayiyu watapa m'dirowa kukagulira ndiwo kunyumba. Ngakhale golosale ndi yake, thumba la bizinesi ndi la pakhomo n'zosiyana, ndipo ndalamayo iyenera kulembedwa debiti ku akaunti ya zotenga mwini, kirediti ku ndalama.

Zonsezi zimasamutsidwira mu leja, buku limene akaunti iliyonse ili ndi tsamba lakelake, ndipo pa tsamba lililonse amapeza chotsala. Mu akaunti ya ndalama mwalowa K680,000, mwatuluka K250,000, kutsala K430,000 ku debiti.

Tirayo balansi ndi pepala lomwe pamandandalikidwa zotsala za maakaunti onse pa tsiku limodzi. Kumanzere kukhala ndalama K430,000, zooda K350,000, kasitomala wangongole K20,000, lendi K40,000 ndi zotenga mwini K10,000, zonse pamodzi K850,000. Kumanja kukhala mpamba K500,000, holoselo K150,000 ndi zogulitsa K200,000, zomwenso zikukwana K850,000.

Mbali ziwirizi zikasiyana, kusiyanako ndiko kumalozera pamene palakwika. Kukakhala K40,000, n'kutheka kuti lendi yalembedwa mbali imodzi yokha. Kukakhala K80,000, wolemba agawe pawiri n'kufufuza K40,000 yomwe yaikidwa ku kirediti m'malo mwa debiti. Kusiyana kogawika ndi 9 popanda chotsala nthawi zambiri kumasonyeza manambala otembenuzidwa kapena ziro wosowa. Lendi ikalembedwa K4,000 m'malo mwa K40,000, mbali ziwirizo zisiyana ndi K36,000. Kuwonjezera nambala yopeka kuti mbalizo zifanane n'kungobisa vuto limene lidzaonekerabe mwezi wotsatira.

Komabe kufanana kwa mbali ziwirizi sikutsimikizira kuti mabuku ali bwino. K10,000 ya ndiwo ija ikapanda kulembedwa konse, mbali zonse zikhalabe K850,000, koma buku lidzati muli K440,000 pomwe m'dirowa muli K430,000. Ngongole ya kasitomala ikalembedwa pa dzina la mnzake, kapena nambala yolakwika ikalembedwa mbali zonse ziwiri, pepalali silionetsa kanthu. N'chifukwa chake wolemba mabuku ayenera kuwerenga ndalama zenizeni m'dirowa ndi kuyerekeza jenulo ndi malisiti. Pepalali silinenanso phindu, pakuti phindu limadziwika katundu wotsala pa mashelefu akawerengedwa.