Apudeti Isamakudyereni Bandulo

Anzanga, bandulo ikatha msanga timathamangira kunena kuti akampani atibera. Koma nthawi zambiri amene wadya ndi foni yomweyo. Mafoni a Android, kaya Tecno, itel kapena Samsung, amatha kudawuniloda okha ma apudeti, kutanthauza zokonza zatsopano za ma apu, osakufunsani n'komwe.

Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti mwagula bandulo ya 1 GB, yomwe ndi ma MB pafupifupi 1,000, kuti mufufuzire mapepala akale a MSCE. Mufoni muli ma apu asanu ndi atatu odikira apudeti, iliyonse ya 60 MB. Mukangoyatsa deta, 480 MB yapita, pafupifupi theka la bandulo, musanatsegule pepala ngakhale limodzi. Ndiye pali apudeti ya foni yonse, yomwe ikhoza kupitirira 1 GB payokha.

Potsekera pake ndi mu Play Store. Dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, lowani Settings, kenako Network preferences. Pa Auto-update apps sankhani pamene palembedwa Wi-Fi only. Mawu amasiyanako pang'ono malinga ndi foni, koma awiri amenewa muwapeza. Mukatero ma apu azidikira mpaka foni italumikizidwa ku wayifayi. Ena amasankha zoti foni isamapange apudeti n'komwe. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa apu ngati WhatsApp ikakalamba kwambiri imakana kutseguka, ndipo imakana tsiku lomwe mulibe ndi tambala yomwe.

Tsono pali msampha womwe ambiri sauona. Kwathu kuno wayifayi yomwe timaipeza kawirikawiri ndi hotisipoti ya mnzathu kapena ya achimwene. Nthawi zina foni yanu siidziwa kuti kuseri kwa hotisipotiyo kuli bandulo yogula ndi ndalama. Zikatero, kwa iyo wayifayi ndi wayifayi basi. Mwapempha kuti mungotumiza uthenga umodzi, koma ma apu asanu ndi atatu aja, omwe akhala akudikira sabata yonse, onse ayamba kukoka nthawi imodzi. Pakatha mphindi zochepa mwini wake walandira uthenga woti bandulo yatsala pang'ono, ubwenzi walowa mchenga. Chizindikiro chake n'chakuti intaneti imayamba kulemera mwadzidzidzi, ndipo mukatsitsa chophimba cha mauthenga kuchokera pamwamba mumaona ma apu akudawuniloda.

Mankhwala ake alipo. Mukalumikiza, dinani dzina la hotisipotiyo mu Settings za Wi-Fi, fufuzani mawu akuti metered, musankhe Treat as metered. Pamenepo mwaiuza foni kuti deta iyi ndi yolipira, ndipo iziiona ngati bandulo yanu yomwe. Mumachita kamodzi kokha pa netiweki iliyonse, foni imakumbukira.

Nanga ngati wayifayi yeniyeni kulibe? Dikirani usiku. Mabandulo ausiku amakhala otchipa, koma werengani kaye maola ake musanagule, chifukwa ikakwana nthawi yotsekera foni imangodumphira pa bandulo yanu yamasana. Tchajani batire, onetsetsani kuti malo mufoni alipo okwanira, kenako lowani Play Store, Manage apps & device, muone ma apu omwe akudikira ndi kukula kwake. Dinani Update pa okhawo omwe mumagwiritsa ntchito, osati Update all. Gemu ya mng'ono wanu ikhoza kudikira.

Chenjeraninso ndi mawu akuti Schedule install pa mafoni a Samsung. Amenewa amangosankha nthawi yoikira apudeti yomwe yadawunilodidwa kale. Deta imakhala itadyedwa kalekale.

Za kuimitsa kaye, pali kusiyana kwakukulu pakati pa Pause ndi Cancel. Pause imasunga zomwe mwakoka kale: ngati fayilo ya 800 MB yafika pa 500 MB, mawa mudzangomaliza 300 MB yotsalayo. Cancel imataya zonse, muyambiranso pa ziro, ndipo 500 MB ija mwalipira pachabe. Mu Chrome batani la Pause lilipo, ngakhale mawebusayiti ena salola kupitiriza, amakubwezani poyambira, choncho yesani kuimitsa ndi kupitiriza fayilo isanapite patali kuti mudziwiretu. Mu Play Store ndiye mulibe Pause. Ka X komwe mumakaona pambali n'kofufuta. Mukafuna kuimitsa kumeneko, zimitsani deta basi, apu iziyembekeza netiweki, ndipo kawirikawiri imapitiriza pomwe inalekera mukayatsanso.

Foni ikakhala ya mayi kapena ya bambo, auzeni kaye musanasinthe chilichonse, mwina angadabwe kuona apu yawo ikungolemba kuti ikudikira Wi-Fi.