Wailesi ya LoRa m'Munda Wakutali: Chofunika Kwambiri ndi Kutalika kwa Mlongoti

Sensa yoyeza chinyontho m'nthaka imathandiza pokhapokha ngati zomwe yayeza zikufika kwa mlangizi tsiku lomwelo. Pamene munda uli kutali ndi ofesi, wailesi ya LoRa imatha kunyamula timauthenga tating'onoting'ono pa mtunda wa makilomita angapo, popanda simukhadi kapena mayunitsi. Zida zambiri zogulitsidwa mu Afirika ndi ku Ulaya zimagwira pa 868 MHz, pomwe za ku Amereka zimagwira pa 915 MHz. Chotumiza ndi cholandira ziyenera kukhala za nambala imodzi, ndipo musanagule funsani ku MACRA za mphamvu yololedwa.

Njira ya mafunde

Mafunde a wailesi sayenda ngati chingwe chowongoka. Amafuna mpata wofufuma pakati ngati chipwete, wopyapyala kumapeto konse. Kuonana kwa maeriyo awiri sikokwanira: nthaka, mitengo kapena mbewu zikalowa mu mpatawu, mphamvu imachepa. Kukula kwa mpata pakati pa njira, kuchokera pa mzere wa maeriyo kutsika pansi, kumapezeka motere, d akhale makilomita, f akhale GHz, yankho mamita:

```
r = 8.66 × √(d / f)
```

Tiyerekeze kuti sensa ili m'dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, ndipo cholandira chili pa nyumba ya mlimi wotsogolera, makilomita 3 kuchokera pamenepo. Pa 0.868 GHz yankho ndi mamita 16. Mwa amenewa, magawo 6 mwa 10 aliwonse ayenera kukhala opanda chotchinga, kutanthauza pafupifupi mamita 10. Mzere wa bulugama pakati pa njira ukhoza kudya mpata wonsewo. Ndiponso dimba limakhala kunsi, kotero mtunda wapafupi umalibisa.

Njira ikakhala yoyera, chotumiza cha 14 dBm chimataya pafupifupi 101 dB pa makilomita 3, ndipo uthenga umafika ndi mphamvu ya -87 dBm. Pa SF7 cholandira chimamva mpaka cha m'ma -123 dBm, choncho pamatsala 36 dB. Zotsalazi ndi zimene zotchinga zimadya.

Kuyesa musanakumbe dzenje

Yambani ndi cholandira. Chikwezeni pa mlongoti wopitirira denga la malata, eriyo ataima chilili. Kenaka munthu wina apite kumunda ndi chotumiza chomangidwa pa nsungwi, nacho eriyo ali chilili. Musachiyatse eriyo asanalumikizidwe, chifukwa chikhoza kupsa.

Tumizani mauthenga 20 nsungwi ili mita imodzi kuchokera pansi, ena 20 pa mamita 3, ndi ena pa mamita 5. Pa msinkhu uliwonse lembani mauthenga amene afika, komanso manambala awiri amene amaoneka pa cholandira: RSSI, mphamvu ya uthenga, ndi SNR, kumveka kwake pakati pa phokoso. Pa SF7 uthenga umatayika SNR ikatsika kupyola -7.5 dB. Sankhani msinkhu umene mauthenga onse afika ndipo patsala 10 dB kapena kuposa musanafike pa malire. Sensa imakhalabe m'nthaka. Chokwera m'mwamba ndi wailesi yokha, yolumikizidwa ndi waya.

Ambiri amathamangira kusintha kupita ku SF12, yomwe imamva mpaka cha m'ma -137 dBm. Imafikadi patali, koma uthenga womwewo umatenga nthawi yoposa kamakumi awiri, ndipo batire limatha msanga. Kuwonjezera nsungwi n'kotchipa kuposa kusintha mabatire kawirikawiri.

Kuzindikira vuto

Kuyesa kwa mu Okutobala kumanyenga, chifukwa minda imakhala yoyera. Pofika Febuluwale chimanga chimakhala chitapitirira mamita 2, mitengo itadzaza masamba, ndipo masamba onyowa amameza mafunde. Eriyo woikidwa pa mita imodzi amamira nthawi yomweyo imene mauthenga akufunika kwambiri.

N'chifukwa chake RSSI iyenera kulembedwa m'kope sabata iliyonse. Ikamatsika pang'onopang'ono kuyambira Januwale, vuto ndi mbewu, ndipo mankhwala ake ndi kukweza mlongoti. Ikagwa mwadzidzidzi mvula yamkuntho itangodutsa, onani ngati eriyo wapendekeka kapena madzi alowa polumikizira. Mauthenga akamasowa m'bandakucha n'kubwerera dzuwa likakwera, RSSI ili bwinobwino, batire latopa kapena sola yakutidwa ndi fumbi. RSSI ikakhala yabwino koma SNR yoipa, phokoso lili pafupi ndi cholandira. Chitalikitseni ndi inivetala ndi mawaya a magetsi.

Ngati pakati pali phiri kapena chitunda chachikulu, palibe nsungwi imene ingakwanire. Pamenepo cholandira chisamutsidwe kupita pamalo okwera oonana ndi munda, kapena paikidwe wailesi yachitatu pamwamba pa chitundacho yolandira uthenga n'kuupititsa kunyumba.